Bandulo ya magemu: yambani mwawerenga deta ya gemu imodzi

Mkangano wa deta sukuzirala pakati pa osewera magemu a pa intaneti kuno ku Salima. Umamveka m'mashopu otchajitsa mafoni pa Kamuzu Road, umamveka m'magulu a WhatsApp, ndipo wafika ndi m'makomo, momwe makolo akudandaula kuti Free Fire ndi PUBG Mobile zikumaliza mayunitsi. Ena akuti mankhwala ake ndi bandulo yopanda malire, ena akuti bola yatsiku chifukwa siipweteka m'thumba, pomwe ena akungothamangira netiweki iliyonse yomwe yalengeza liwiro lalikulu. Maganizo anga ndi akuti onsewa akuyambira kolakwika. Gemu yeniyeniyo, kuchokera pomwe mwalowa m'bwalo mpaka pomwe mwatuluka, imadya deta yochepa kwambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Choncho munthu amene amasewera pafupifupi tsiku lililonse ayenera kuyeza deta ya gemu imodzi pa foni yake, kuikira padera deta ya maapudeti, kenako kugula bandulo yapakatikati ya sabata kapena ya mwezi pa netiweki yomwe siidukaduka pamalo pomwe iye amakhala. Kukula kwa bandulo kubwere pomalizira.

Choyamba timvetse chifukwa chake gemu siidya zambiri. Mapu, nyumba, mfuti, zovala za osewera ndi phokoso lonse zimakhala zili kale m'foni, chifukwa munazitsitsa tsiku lomwe munaika gemuyo. Mukamasewera, zomwe zimayenda pakati pa foni ndi seva ndi timauthenga ting'onoting'ono tonena kuti uje waima apa, wayang'ana uku, wawombera, wagwa. Timauthengati timapita ndi kubwera kambirimbiri pa sekondi, koma kalikonse ndi kopepuka. Tiyerekeze kuti tonse pamodzi, topita ndi tobwera, tikukwana makilobiti 60 pa sekondi. Mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, ndiye kuti ndi makilobayiti 7.5 pa sekondi, 450 pa mphindi, ndipo pa ola lathunthu ndi 27 MB basi. Yerekezani ndi vidiyo yomwe ikubwera pa megabiti imodzi pa sekondi, yomwe siyowala kwenikweni: pa ola imatenga 450 MB. Ndi chifukwa chomwechi kutsitsa `Graphics` kuchoka pa `HD` kufika pa `Smooth` sikupulumutsa deta ya m'bwalo. Zithunzizo ikujambula ndi foni yanu, sizikuchokera pa intaneti. Kutsitsako kumathandiza batire ndi kutentha kwa foni, zomwe ndi nkhani ina.

Koma nambala ya 27 MB musaitenge ngati lamulo. Magemu amasiyana, ndipo ngakhale m'gemu imodzimodziyo mitundu ya masewero imasiyana. Bwalo la anthu 100 la PUBG Mobile, lomwe limatha kufika theka la ola kwa amene wapulumuka mpaka kumapeto, silingafanane ndi `Clash Squad` ya Free Fire ya anayi kwa anayi, kapena mpira wa anthu awiri pa eFootball. Nambala yodalirika ndi yomwe foni yanu ikuuzeni, ndipo kuipeza sikulira ndalama. Pa foni ya Android lowani mu `Settings`, pezani `Data usage` kapena `App data usage`. Pa Samsung zimakhala pansi pa `Connections`, pa mafoni ena pansi pa `Network & internet`, ndipo mukasokonezeka ingolembani `data usage` pamalo ofufuzira a `Settings`. Sankhani dzina la gemu. Muona nambala ziwiri, `Foreground`, yomwe ndi deta yodyedwa gemu ili pa sikirini, ndi `Background`, yodyedwa gemu itatsekedwa. Pa iPhone mndandandawu uli pa `Mobile Data`, ndipo pansi pake pali `Reset Statistics` yobwezera zonse pa ziro.

Kayezedwe kake kali ndi misampha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanamizidwa. Musayeze tsiku lomwe gemu yalandira apudeti kapena yatsegula nyengo yatsopano. Tsegulani gemu, idikireni imalize kutsitsa zonse zomwe ikufuna pa tsamba loyamba, kenako tulukani mulembe nambala ya `Foreground`. Sewerani magemu khumi a mtundu womwe mumasewera masiku onse, osatsegula sitolo ya m'gemu, osaonera mavidiyo otsatsa malonda omwe amalonjeza mphatso, komanso osalowa m'mapu omwe simunawatsitse. Mukatha dikirani mphindi zingapo, popeza foni imachedwerako kuwerengetsa, ndiye mulembenso nambala. Kusiyana kwake mukugawe ndi khumi. Chifukwa chosewerera khumi osati imodzi n'chakuti gemu ina mumafa mphindi ziwiri zoyambirira, ina mumafika kumapeto, ndipo imodzi yokha singakuuzeni zoona. Tsiku lotsatira bwerezani zomwezo mutayatsa maikolofoni ndi sipika ya gulu. Ndi bwinonso kufunsa deta yotsala ku kampani yanu musanayambe ndi mutatha. Ngati kampani yachotsa 150 MB pomwe gemu yawerenga 70 MB, musafulumire kukalipa. Bwererani pa mndandanda uja muone pulogalamu ina yomwe inali kudya mwakachetechete.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha mnyamata wa ku Chipoka amene amasewera Free Fire madzulo akaweruka. Asanayambe, foni ikuonetsa 412 MB. Atasewera magemu khumi opanda mawu, ikuonetsa 478 MB. Kusiyana ndi 66 MB, kutanthauza 6.6 MB pa gemu. Mawa lake wayatsa mawu, ndipo magemu khumi atenga 100 MB, kutanthauza 10 MB pa gemu. Popeza amasewera ndi anzake nthawi zonse, nambala yake ndi 10. Akamasewera magemu 8 pa tsiku ndi 80 MB, ndipo pa masiku 30 ndi 2,400 MB. Tsopano awonjezere apudeti. Magemu otere amatulutsa apudeti yaikulu pakapita miyezi iwiri kapena itatu, kuphatikizapo ting'onoting'ono tapakati, ndipo yaikuluyo imatha kutenga mazana angapo a MB, nthawi zina kupitirira 1 GB. Tiike 800 MB. Zonse pamodzi ndi 3,200 MB. Awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo anayi la chitetezo, popeza pali masiku a tchuthi omwe munthu amasewera mopyola muyezo, ndipo afika pa 4,000 MB. Bandulo ya 4 GB ya mwezi ikumukwanira, ngakhale mwezi wa apudeti. Koma mnyamata yemweyu akamaonera akatswiri a Free Fire pa YouTube kapena TikTok kwa theka la ola pa tsiku, pa megabiti imodzi ija, ndi 225 MB pa tsiku, 6,750 MB pa mwezi. Kuonera ena akusewera kwamudyera pafupifupi katatu kuposa kusewera kwake. Kholo likamanena kuti gemu yatha deta, kawirikawiri wolakwa weniweni amakhala vidiyoyo.

Tsopano tione zomwe otsutsa akunena, kuyambira ndi okonda bandulo yatsiku, omwe mfundo yawo ndi yolemera kuposa za ena onse. Iwo akuti ndalama kuno siibwera pamwezi. Wakabaza, wogulitsa usipa kapena woyenda maganyu amapeza zochepa tsiku ndi tsiku, ndipo kumuuza kuti atulutse ndalama ya mwezi wonse nthawi imodzi ndi kulankhula ngati munthu wa pa malipiro. Akutinso bandulo ya mwezi ikakhala m'foni imakopa, munthu amaimaliza m'sabata imodzi ndi mavidiyo. Zonsezi ndi zoona. Komabe vuto la bandulo yatsiku kwa wosewera ndi lakuti imafa isanadyedwe. Ili ngati kugula chambo chambiri chachiwisi mwezi wa Okutobala mulibe firiji: mwalipira chonse, koma chomwe simunadye lero mawa ndi chotaya. Mnyamata wathu uja akamagula yatsiku ya 250 MB n'kudya 80 MB, akutaya 170 MB tsiku lililonse. Pa mwezi walipirira 7,500 MB koma wagwiritsa 2,400 MB, osakwana gawo limodzi mwa atatu. Ndipo tsiku la apudeti 250 MB ija siikwana, ayenera kugulanso ina.

Njira yachilungamo yoweruzira nkhaniyi ndi kuwerengera mtengo pa gemu, osati pa GB. Mitengo imasinthasintha, choncho ikanipo yanu ya lero, koma kawerengedwe ndi aka. Tinene kuti yatsiku ndi K500 ndipo ya mwezi ya 4 GB ndi K10,000. Wosewera masiku onse 30 alipira K15,000 pa magemu 240, kutanthauza K62.50 pa gemu, apudeti isanalowemo, pomwe pa ya mwezi alipira pafupifupi K42 pa gemu apudeti ili momwemo. Koma tembenuzani nkhaniyo. Mwana wasukulu amene amagwira foni Loweruka ndi Lamlungu lokha, masiku 8 pa mwezi, alipira K4,000 yokha pa zatsiku, ndipo kwa iye ya mwezi ndi kutaya ndalama. Malire ake pa mitengo yachitsanzoyi ndi masiku 20: osewera masiku ochepera apo atsale pa yatsiku, opitirira apo asamuke. Kwa amene ndalama ya mwezi ikumuvuta kusonkhanitsa, ya sabata ndi poyambira pabwino, ndipo 80 MB kuchulukitsa ndi 7 ndi 560 MB, ndiye 1 GB ya sabata ikukwana ndi kutsalako. Za kukopeka nazo zili ndi mankhwala: pa `Data warning & limit` mutha kuika malire oti foni idule yokha deta ikafika pomwe mwanena. Palinso china chomwe bandulo yatsiku imachita, chomwe sichioneka pa masamu. Imatha nthawi yake ikakwana, ngakhale muli pakati pa nkhondo. Mukatero mwina mwadulidwa n'kutaya mapointi a `Ranked`, mwina foni yayamba kudya mayunitsi otsala pa mtengo wa kunja kwa bandulo, womwe umakhala wokwera.

Gulu lachiwiri ndi la bandulo yopanda malire. Mfundo yawo ndi yakuti mtendere wa mumtima uli ndi mtengo wake: suwerenga, sudandaula za apudeti, umangosewera. Pa nyumba ya anthu asanu omwe akugawana rauta imodzi, kapena pa shopu ya magemu yokhala ndi makina angapo, ndikugwirizana nawo. Koma kwa munthu mmodzi amene masamu ake akuthera pa 4 GB, akulipirira deta yomwe sadzaigwira. Chinanso, mabandulo otere nthawi zambiri amakhala ndi liwiro loikidwa malire, kapena lamulo loti mukadutsa mlingo wakutiwakuti liwiro litsitsidwe, ndipo izi zimalembedwa m'timalemba tating'ono. Kunena zoona, liwiro lotsitsidwalo palokha silipha gemu, popeza makilobiti 512 pa sekondi ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi 60 aja. Chomwe chimapha ndi mzere. Mlongo wanu akatsegula vidiyo pa rauta yomweyo, vidiyoyo imadzaza kanjira konse, ndipo timauthenga ta gemu timaima pambuyo pake kudikira. Pa sikirini muona `ping`, nambala yoonetsa kuchedwa kwa uthenga, ikudumpha kuchoka pa 90 kufika pa 400 ndi kubwereranso. Apudeti nayo imasanduka chilango: 800 MB pa makilobiti 512 imatenga pafupifupi maola atatu ndi theka, anzanu akusewera.

Gulu lachitatu ndi lomwe limakhulupirira liwiro. Iwo amatsegula pulogalamu yoyezera, n'kuona 30 Mbps, n'kunena kuti netiweki iyi ndiye ya magemu. Liwiro limathandizadi potsitsa apudeti, koma m'bwalo chofunika ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, yomwe ndi `ping` ija, yowerengedwa mu `ms`, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Gawo lina la nthawiyi palibe bandulo yomwe ingalichotse. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa `ms` imodzi. Malawi alibe doko la panyanja yaikulu, choncho uthenga wochoka ku Senga Bay umayenda pamtunda kudutsa m'maiko oyandikana nawo usanafike ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Seva ikakhala kutali makilomita 10,000 potsata chingwe, kupita ndi kubwera ndi 100 ms, musanawerengere kuchedwa kwa pa nsanja ya netiweki ndi m'makina a m'njira. Ndiye ngati gemu ikulolani kusankha dera la seva, sankhani lomwe likuonetsa nambala yotsika, ndipo musayembekeze kuti kugula 50 GB kufupikitsa mtunda.

Gawo lomwe mungalisinthe ndi la pakati pa foni yanu ndi nsanja, ndipo apa palibe amene angakusankhireni pakati pa Airtel ndi TNM ali ku Lilongwe. Netiweki yomwe ili bwino pa boma ikhoza kukhala yofooka ku Lifuwu kapena ku Khombedza, ngakhale kuseri kwa nyumba yomweyo. Gulani kabandulo kakang'ono pa iliyonse, ndipo muyese pa mpando womwe mumakhalapo, pa nthawi yomwe mumasewera. Kuyesa 10 koloko m'mawa n'kudzinamiza ngati mumasewera pakati pa 7 ndi 9 koloko usiku, pomwe mudzi wonse uli pa foni. Okhala kufupi ndi malo ogona alendo ku nyanja ayesenso pa Loweruka kapena pa tchuthi, anthu atachuluka. Yang'anani `ping` ya m'gemu momwe, osati kutsika kwake kokha koma kukhazikika kwake. Ya 120 yosasuntha imaseweredwa bwino kuposa yomwe ikuvina pakati pa 60 ndi 300, chifukwa dzanja limazolowera kuchedwa kofanana koma silingazolowere kodzidzimutsa. Amene ali ndi kompyuta ya Windows atha kuilumikiza ku foniyo n'kulemba izi:

```
ping -n 50 8.8.8.8
```

Pamapeto pake iwonetsa `Minimum`, `Maximum`, `Average` ndi `Lost`. Adiresiyi si ya seva ya gemu, koma imaulula khalidwe la netiweki yanu. `Maximum` ikatalikirana kwambiri ndi `Average`, kapena mauthenga awiri atatu mwa 50 akasowa, m'bwalo mudzaona adani akudumphadumpha ndi zipolopolo zanu zosagwira. Apa ndiwonjezere kuti si kugwiragwira konse komwe kuli kwa netiweki. M'kutentha kwa Salima, foni ikakhala pa chaja imawotcha, ndipo imadzichepetsa yokha mphamvu. `Ping` ikakhala yobiriwira koma chithunzi chikukakamira, vuto ndi foni, ndipo kusintha simu sikuthandiza. Dziwaninso kuti pa mafoni ambiri a masimu awiri, wina akakuimbirani pa simu inayo deta imaima kaye.

Pali gulu lina laling'ono lomwe limaganiza kuti lachenjera pogula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook poti ndi yotchipa. Mabandulo amenewa amawerengera deta yopita ku mapulogalamu otchulidwawo basi. Gemu imalankhula ndi maseva ena, ngakhale mutalowamo ndi akaunti ya Facebook, ndiye siidzalumikizika, apo ayi idzadya mayunitsi. Ya usiku ndiyo ili ndi ntchito yeniyeni, koma ntchito yake ndi kutsitsa apudeti ndi mapu, osati kusewera, pokhapokha ngati gulu lanu lonse ndi la akadzidzi.

Wina anganene kuti anayeza, anagula monga mwa masamu, koma bandulo inathabe pa 15. Zimachitika, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala pa malo awiri. Oyamba ndi Play Store. Apudeti ya gemu yodzera kumeneko siwerengedwa pa dzina la gemu, imawerengedwa pa `Google Play Store` kapena `Download Manager`, ndipo sitoloyo ikasiyidwa imakonzanso mapulogalamu ena onse a m'foni. Lowani mu `Settings` ya Play Store, `Network preferences`, `Auto-update apps`, musankhe `Don't auto-update apps`. M'gemu momwemo muli malo otsitsira mapu ndi zovala, ndipo ngati muli batani lotsitsa zokha, lizimitseni, mutsitse mapu omwe mumasewera okha. Malo achiwiri ndi obisika kwambiri, ndipo amagwira anthu ogawana deta pa hotisipoti kapena pa kamayifayi ka m'thumba. Foni yolumikizidwa motero ikhoza kuona ngati ili pa wayifayi yaulere, ndipo zikatero zonse zomwe munaziuza kuti zidikire wayifayi zimayamba nthawi imodzi: maapudeti, zithunzi zokwera ku Google Photos, mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Anzanu atatu akalumikiza mafoni awo kuti musewere limodzi, magemu awo onse pamodzi mwina adya 30 MB pa gemu, koma foni imodzi yokha ikhoza kukoka 1 GB mwakachetechete, n'kukwezanso `ping` ya aliyense. Musanapereke pasiwedi, aliyense atsegule dzina la wayifayiyo pa foni yake n'kusankha `Treat as metered`, ndipo wa laputopu ya Windows ayatse `Metered connection`. Pa foni yomwe ikugawayo, deta ya alendo imaoneka payokha pa mndandanda uja pansi pa dzina ngati `Hotspot & tethering`, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe muyenera kugawana pa nthawi yosonkherana ndalama ya bandulo yotsatira.